Anandiitana katatu ku odishoni, mbali n'kupatsa woimba wotchuka. Kodi zimakhala zokonzeratu?

Mbalule

Abale, ndithandizeni kumvetsa, chifukwa usiku wathawu sindinagone. Miyezi iwiri yapitayi ndinatumiza kanema wanga woyeserera mbali yaikulu ya filimu ina. Mbaliyo ndi ya mayi wa zaka za m'ma 40 amene mwana wake wamwamuna wamangidwa, ndiye filimu yonse ndi mayiyo kuyenda uku ndi uku kufuna kumutulutsa. Anandiitana koyamba, ndinawerenga masamba atatu. Anandiitananso, dayirekitala alipo. Kachitatu anandiwerengetsa ndi anyamata awiri osiyana amene ankayesedwa pa mbali ya mwanayo. Mayi wosankha osewera anandiperekeza mpaka pakhomo, nati ndisadule tsitsi komanso ndisavomere ntchito ina osamuuza. Kenako zii, milungu itatu. Dzulo ndangoona chilengezo kuti mbaliyo yapita kwa woimba wina wotchuka amene sanachitepo sewero ngakhale limodzi, komanso ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi.

Funso langa ndi ili: ngati ankadziwa kale kuti akufuna munthu wa dzina, ankandivutitsiranji? Kodi ma odishoni amenewa amangochitira kuti zioneke ngati zachilungamo?

Tsabola

Pepani achemwali, koma mwachedwa kudziwa. Masiku ano sayang'ana luso. Amangotsegula tsamba lako n'kuwerenga okutsatira, basi.

Bongololo

Dayirekitalayo ndi wachinyengo. Munthu wakuperekeza mpaka pakhomo n'kukuuza za tsitsi, kenako n'kusankha wina?

Nyerere7

@Bongololo werenganinso. Amene anawaperekezayo si dayirekitala, ndi wosankha osewera. Ndi anthu awiri osiyana.

Bongololo

Aaa, ine ndimayesa ndi munthu mmodzi. Nanga wosankhayo ngati sasankha, dzinalo analitenga kuti?

Kadzidzi

Funso la a Bongololo ndi labwino kuposa mmene iwowo akuganizira. Ine ntchito imeneyi ndaigwira zaka zambiri, ndinayamba ngati wowerengera anthu mizere ku odishoni, ndipo dzinali limatinamizira mphamvu zimene tilibe. Wosankha osewera amafufuza, amasefa, amabweretsa anthu pamaso pa dayirekitala, n'kumenyera nkhondo amene wamukhulupirira. Koma mawu omaliza ndi a dayirekitala ndi apulodyusa, ndipo pa mbali yaikulu ya filimu, mawu omalizitsitsa ndi a amene akuika ndalama.

A Mbalule, chimene mwafotokozachi sichikumveka ngati sewero la chiphamaso. Palibe amene amalipira chipinda, kamera ndi nthawi ya dayirekitala katatu konse kuti anamize munthu mmodzi. Ndikuganiza kuti munali pa mndandanda umodzi, pomwe mndandanda wachiwiri unkayenda pambali inu osaudziwa. Pa mbali yaikulu iliyonse timakhala ndi mindandanda iwiri. Woyamba ndi wa anthu amene timawaona m'chipinda. Wachiwiri ndi wa mayina amene eni ndalama anena kuti akhoza kugulitsa filimuyo. Anthu a pa mndandanda wachiwiriwa ambiri sachita odishoni n'komwe. Amangotumiziridwa sikiripiti kudzera kwa ejenti wawo pamodzi ndi kalata yowapatsa ntchito, ndiye mumadikira. Wina amatenga milungu iwiri kuti awerenge, n'kukana. Mumapita kwa wachiwiri. Simungatumize kwa atatu nthawi imodzi, chifukwa awiri akavomera mwaputa mlandu. Ndiye pamene kudikirako kukuchitika, ife timapitiriza kuona anthu, chifukwa onse otchukawo akakana, tsiku loyamba kujambula silisuntha.

Mawu a tsitsi aja amatanthauza kuti munali munthu amene akanatenga mbaliyo woimbayo akanakana.

Mbalule

Ndiye kuti ndinali tayala la sipeya.

Kadzidzi

Inde, sindikunamizani. Koma mwa anthu mazana amene anatumiza makanema, sipeyayo anali mmodzi. Chimene ndingamudzudzule mnzangayo n'chakuti sanakuimbireni foni chilengezo chisanatuluke. Munthu amene wamuletsa kuvomera ntchito ina umamumasula ndi pakamwa pako.

Tsabola

Ndiye mwavomereza zimene ndinanena ine. Ndi okutsatira basi.

Chitsulo

Ayi a Tsabola, mwagwira mchira wokha. Ine ndimakhala mbali ya ndalama, ndiloleni ndifotokoze mmene dzina limasandukira ndalama, chifukwa si nkhani yowerenga okutsatira pa foni.

Filimu yosapangidwa ndi situdiyo yaikulu nthawi zambiri imagulitsidwa isanajambulidwe. Pulodyusa amapita kwa kampani yogulitsa mafilimu kumayiko osiyanasiyana, ndipo kampaniyo imapita kumisika ngati wa ku Cannes kapena wa ku Berlin n'kukakumana ndi ogula a dziko lililonse. Kumeneko kulibe filimu yoti muonetse. Muli ndi sikiripiti, dzina la dayirekitala ndi mayina a osewera. Wogula wa ku Germany kapena wa ku Japan sikiripitiyo mwina sawerenga yonse, koma dzina la wosewera amalidziwa, ndipo amadziwa kuti mafilimu atatu apitawo a munthuyo anabweretsa zingati m'dziko lake. Akasaina kuti adzagula filimuyo ikatha, pulodyusa amatenga pepala limenelo kupita nalo kubanki kukakongola ndalama zojambulira.

Tinene kuti filimu ikufuna madola 5 miliyoni. Mwapeza 2 miliyoni kwa anthu oika ndalama zawo, ndi 1 miliyoni yobwezeredwa ndi dziko limene mukajambulireko. Zatsala 2 miliyoni. Kampani yogulitsa ija imakuuzani kuti ndi wosewera uyu tikhoza kupeza mapangano okwana 2 miliyoni, ndi uyu mwina theka lake, ndi wosadziwika sitingalonjeze kanthu mpaka filimu itatha. Manambalawa ndangopeka kuti muone kayendedwe kake. Pamenepo pulodyusa sakusankha pakati pa wosewera wabwino ndi woipa. Akusankha pakati pa filimu yokhala ndi munthu wosakwanira bwino ndi filimu imene siidzajambulidwa.

Okutsatira pa intaneti amatchulidwa ndithu m'misonkhano, sindikana. Koma munthu amene amaonera kanema wa masekondi 20 kwaulere si yemweyo amene amagula tikiti, ndipo ogula mafilimu amadziwa zimenezi.

Tsabola

Ngati amadziwa, woimba uja wapezeka bwanji pamenepo?

Chitsulo

Chifukwa anthu amalipira kale kukamuona akuimba. Kumeneko ndiye kusiyana kwake. Kaya oimbira m'manja aja adzabwera kudzaona mayi akulira kundende, imeneyo ndi njuga ina, ndipo nthawi zambiri imakana.

MvulaYaUsiku

Ine ndine woonera chabe, koma chimandipweteka n'chakuti munthu wotchuka kwambiri ndikamuona ndimaona iyeyo, osati munthu wa m'nkhaniyo. Chitsanzo ndi Jack Reacher wa m'filimu ya mu 2012. M'mabuku munthuyo ndi chimphona cha masentimita 196, amangolowa m'chipinda anthu n'kukhala chete. Anatenga Tom Cruise, wa masentimita pafupifupi 170. Owerenga mabukuwo anadandaula mpaka kutopa. Atapanga ya pa wailesi ya kanema mu 2022 anatenga Alan Ritchson, chimunthu chachikulu, anthu n'kuti eya, uyu ndiye.

Chitsulo

Zoona, koma malizitsani nkhaniyo. Filimu ya 2012 ija inabweretsa madola oposa 200 miliyoni, ndipo anapanga yachiwiri mu 2016. Kwa eni ndalama kusankha kumene kuja sikunali kulakwitsa.

MvulaYaUsiku

Ndiye vuto lake ndi limenelo. Inu mukuwerenga matikiti, ine ndikuwerenga ngati ndinakhulupirira munthuyo.

Nyerere7

Koma kutalika si nkhani yaikulu pa kamera. Amangomuimika munthu pa kabokosi, kapena kutsitsa kamera. Ine ndinagwirapo ntchito ya magetsi pa filimu ina, wosewera wamkazi ankavula nsapato n'kuima motangadza miyendo kuti afanane ndi mwamuna wake. Chithunzi cha kumaso chokha simungadziwe.

Bongololo

Kkkk ndiye kuti akamapsompsonana wina ali pa bokosi?

Nyerere7

Kawirikawiri. Mabokosiwo amakhala a misinkhu inayi, amangoitanitsa woyenera.

Kadzidzi

Bokosi limakonza kutalika pa chithunzi, koma silikonza nkhani. Ngati nkhaniyo yamangidwa poti anthu amaopa thupi la munthuyo asanayankhule, ndiye kuti mukatenga wamfupi muyenera kupeza chifukwa china choti azimuopera. Cruise anachita ndi maso ndi liwiro. Zinagwira kwa amene sanawerenge mabukuwo.

Izi zikundibweretsa pa mawu akuti "woyenera mbali", amene tikuwatchula ngati tonse tikumva chimodzi. Ambiri amaganiza kuti ndi maonekedwe: zaka, thupi, khungu. Zimenezo ndi zolembedwa pa pepala limene timatumiza kwa ma ejenti, ndipo n'zosavuta kusintha. Marion Dougherty, mmodzi mwa amene anayambitsa ntchitoyi mmene tikuidziwira lero, ndi amene anauza dayirekitala Richard Donner kuti atenge Danny Glover pa mbali ya wapolisi mu Lethal Weapon ya 1987, pomwe Donner sanaganizepo kuti wapolisiyo angakhale munthu wakuda. Mayi ameneyu ankasunga makadi olembapo za wosewera aliyense amene wamuona, ndipo ankakonda kubweretsa anthu ochepa osiyana kwambiri pa mbali imodzi, osati khamu la anthu ofanana. Ine ndimatsatira zomwezo. Ndikabweretsa anthu anayi osiyana, dayirekitala amakakamizika kusankha kuti filimu yake ndi yotani.

Chimene chimavuta kusintha ndi chimene munthu amabwera nacho asanayambe kusewera. Wina akangokhala chete pa kamera umamumvera chisoni. Wina akakhala chete umamukayikira. Wina umayembekezera kuti akuseketsa. Si luso, ndi mmene kamera imamuwerengera. Ndipo wotchuka amabwera ndi katundu wina pamwamba pake: zonse zimene oonera anamuona akuchita kale. Mayi wa m'filimu ya a Mbalule ayenera kukhala munthu amene alonda a pageti samuyang'ana n'komwe. Mukaikapo nkhope imene dziko lonse limaidziwa, woonera akudziwa kale kuti mayiyu ndi wofunika, ndiye kunyozedwa kwake sikuluma chimodzimodzi.

Mbalule

A Kadzidzi, ndiye m'chipinda muja mumayang'ana chiyani kwenikweni? Ulendo wachiwiri uja ndinachita chigawo cha pa geti la ndende ndikulira, ndinaona kuti ndachita bwino. Dayirekitala anangoti, bwerezani, koma tsopano musalire, muyankhule ngati mukufunsa nthawi yotsegulira ofesi. Ndinachita, koma ndinatuluka ndikuganiza kuti koyamba kaja ndinalakwitsa.

Kadzidzi

Simunalakwitse. Kusinthitsa kumeneko ndiye odishoni yeniyeniyo. Kachitidwe koyamba kamationetsa zimene mwakonzekera kunyumba kwa sabata yonse. Kachiwiri kamationetsa ngati mumamva malangizo n'kusintha pompo, chifukwa pojambula mudzauzidwa zimenezo dzuwa likulowa, anthu 60 akudikira inu. Ambiri amavomera ndi mutu, "chabwino, ndamva", kenako n'kubwereza ndendende zomwe zija, kupuma pamalo omwewo, dzanja kukwera pa liwu lomwelo. Ameneyo ngakhale koyamba atachita bwino chotani, ndimamulemba funso pambali pa dzina lake.

China chimene ndimayang'ana ndi nkhope yanu pamene mnzanu akuyankhula. Ndikamaoneranso makanema madzulo, nthawi zina ndimatseka mawu. Amene akungodikira mzere wake amaoneka msanga: maso amafa, kenako n'kudzuka nthawi yake ikakwana. Ulendo wachitatu umene anakuwerengetsani ndi anyamata awiri, ankaona ngati inu ndi mmodzi wa iwo mukuoneka ngati anthu amene akhala nyumba imodzi zaka 18. Ndipo dziwani kuti tsiku limenelo mwina oyesedwa anali anyamatawo kuposa inu.

Tsono apa ndi pamene dzina ndi kuyenera zimawombana m'njira imene anthu saiona. Wotchuka wopatsidwa ntchito popanda odishoni sanadutse m'mayeso onsewa. Palibe amene wamuuza kuti bwereza usalire. Zimene ndikanadziwa m'mphindi khumi m'chipinda, tidzazidziwa tsiku lachitatu la kujambula, ndalama zikutuluka kale.

GogoWaSiteji

Ana inu, nkhani imeneyi ndi yakale kuposa intaneti yanuyo. Pa The Godfather ya 1972, a situdiyo ya Paramount sankamufuna Al Pacino pa mbali ya Michael. Ankatchula mayina ngati Robert Redford ndi Ryan O'Neal. Dayirekitala Francis Ford Coppola anakakamira mnyamata wamfupi amene anali atangochita filimu imodzi yaikulu. Pacino mwiniwake wakhala akunena kuti kujambula kutayamba anatsala pang'ono kuchotsedwa, mpaka akuluakulu ataona chigawo cha m'lesitilanti. Lero ndani angaganize Redford pamenepo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere7

Agogo mwanditchula ine?

GogoWaSiteji

Iwe khala pansi.

Chitsulo

Agogo, nkhani zimenezi timazikonda chifukwa timangokumbukira zimene zinatha bwino. Mafilimu amene dayirekitala anakakamira wosadziwika n'kugwa nawo palibe amene amawatchula, chifukwa palibe anawaona. Komanso filimu ija inali ndi Marlon Brando pa positala.

GogoWaSiteji

Amenenso situdiyo sinkamufuna.

Chitsulo

Pa zifukwa zina, za khalidwe lake ndi mafilimu ake amene anali atagwa. Koma chabwino, pamenepo mwandipeza.

Kamtedza

Ine ndili ndi vuto langa pang'ono. Ndikajambula kanema wa odishoni kunyumba, nkhope imaoneka yakuda kwambiri, khoma loyera kumbuyo. Nditani?

Nyerere7

Khoma loyeralo ndilo likunamiza kamera. Pachikani nsalu yotuwa kapena yabuluu kumbuyo, muyang'ane kuwindo, osati kulipatsa msana. Foni igone chopingasa, pa msinkhu wa maso anu.

Kadzidzi

Ndipo amene akukuwerengerani mizere ayankhule motsitsa, chifukwa ali pafupi ndi foni kuposa inu. Koma a Kamtedza, tsegulani mutu wanu wa zimenezo, tisasokoneze a Mbalule.

Ndibwerere kwa a Chitsulo. Pa manambala anu aja pali ndalama zina zimene simunawerenge, ndipo ndikuuzeni nkhani yanga yomwe, mayina ndisiya. Tinali ndi filimu ya bambo ndi mwana wake wamkazi. Bamboyo analembedwa wa zaka pafupifupi 60, munthu wotopa amene ntchito yamuthera. Tinapeza wosewera wa pa siteji woyenera kwambiri, tinapezanso mtsikana wa zaka 30 amene ankawerenga naye mpaka ife m'chipinda kuiwala kulemba. Kenako eni ndalama anabweretsa dzina, bambo wa zaka 45, wooneka bwino, wodziwika ndi mafilimu oseketsa. Anavomera, koma anali ndi masiku 12 okha, pomwe mbaliyo inkafuna masiku oposa 20.

Taonani zimene zinatsatira. Munthu wa zaka 45 sangakhale ndi mwana wa zaka 30, ndiye mtsikana uja tinamutaya, tinayambiranso kufuna wa zaka 19. Mwana wa zaka 19 sangakhale ndi banja lake ndi ngongole ya nyumba, ndiye wolemba anachotsa nkhani yonse ya mwamuna wake, ndipo wosewera amene tinamulonjeza mbali ya mwamunayo anapita. Kuti masiku 12 akwane, zigawo zingapo za panja zinasamutsidwira m'chipinda chimodzi, ndipo zithunzi zina za kumsana zinajambulidwa ndi munthu wina atavala jekete lake. Malipiro ake anadya ndalama zimene tinasungira mbali zing'onozing'ono, ndiye osewera onse a mbali zimenezo tinatenga otsika mtengo. Munthu mmodzi anasintha anthu asanu.

Tsiku lowerengera limodzi sikiripiti patebulo ndinadziwiratu. Pa mzere umene bamboyo amauza mwana wake kuti wagulitsa galimoto, anthu anaseka. Iye sanachite choseketsa chilichonse. Anangokweza nsidze mmene amachitira nthawi zonse, ndipo anthu anazolowera kuti nsidze imeneyo ikakwera, kukubwera nthabwala. Dayirekitala anatha sabata yoyamba akulimbana ndi nsidze.

MvulaYaUsiku

Ndiye filimuyo inagwa?

Kadzidzi

Ayi, ndipo n'chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero. Inabweza ndalama zake. Siinali filimu imene tinawerenga poyamba, inali ina yopepuka, koma anthu anaionera. Ndipo pa chigawo chimodzi cha kumapeto, bambo uja anachita chinthu chimene wa pa siteji uja sakanatha: chifukwa oonera ankayembekezera kuseka, atapanda kuwaseketsa, holo yonse inangoti zii. Katundu amene wotchuka amabwera naye nthawi zina dayirekitala wanzeru amamugwiritsa ntchito.

Chitsulo

Ndiye tikugwirizana.

Kadzidzi

Sitikugwirizana. Chigawo chimodzi si filimu.

GogoWaSiteji

Komanso kusayenera si matenda a otchuka okha ayi. Back to the Future ya 1985 inayamba kujambulidwa ndi Eric Stoltz, wosewera waluso ndithu. Anajambula milungu yoposa isanu dayirekitala Robert Zemeckis asanavomereze kuti nthabwala sizikutuluka, chifukwa Stoltz ankaisewera nkhaniyo mozama ngati ya chisoni. Anamuchotsa n'kubwerezanso ndi Michael J. Fox, amene ankamufuna poyamba pomwe koma anali womangika ndi sewero la pa kanema la Family Ties. Fox ankagwira kumeneko masana, filimu usiku. Apa palibe amene anali woipa. Nyimbo inali ina, mavinidwe ena.

Tsabola

Ndiye mwaona? Anachotsa waluso n'kuika wotchuka wa pa kanema.

GogoWaSiteji

Iwe Tsabola, ukumva zimene ukufuna kumva. Anachotsa waluso wosayenera n'kuika waluso woyenera amene analinso wotchuka. Zinthu ziwirizi si adani nthawi zonse.

Chitsulo

Ndipo nkhani imeneyo ikuonetsa chifukwa chake eni ndalama amaopa. Situdiyo yaikulu ikhoza kutaya milungu isanu n'kuyambiranso. Filimu ya 5 miliyoni ija singathe. Mukalakwitsa, mumamaliza ndi cholakwikacho.

MvulaYaUsiku

Nanga palibe njira yapakati? Kuti dzina likhalepo koma mbali yofunika ipite kwa woyenera?

Kadzidzi

Ilipo, ndipo ndi imene timamenyera kwambiri. Mumaika dzina pa mbali imodzi kuti ligule ufulu wa mbali zinazo. Captain Phillips ya 2013 inali ndi Tom Hanks, ndiye ndalama zinali zotetezeka. Pa mbali za achifwamba a panyanja a ku Somalia, wosankha osewera Francine Maisler ndi anzake anakaitana anthu wamba ku Minneapolis ku America, kumene kuli Asomali ambiri, ndipo anapeza Barkhad Abdi amene sanachitepo filimu. Dayirekitala Paul Greengrass sanalole kuti anyamatawo akumane ndi Hanks mpaka tsiku lojambula chigawo cholanda sitima. Abdi anapambana mphoto ya mafilimu ya ku Britain ya BAFTA, n'kupikisananso nawo pa Oscar. Pakanakhala nkhope yodziwika pamenepo, mantha aja sakanakhala omwewo, chifukwa woonera akanadziwa kuti uyu ndi uje wavala zachifwamba.

Nthawi zina timatembenuza: wotchuka timamupatsa mbali yaing'ono ya masiku anayi, loya kapena woweruza, dzina lake n'kukwera pa positala, mbali yaikulu n'kupita kwa wosadziwika. Ma ejenti ena amakonda zimenezi chifukwa munthu wawo amagwira sabata imodzi yokha. Koma ogula nawonso si ana. Amafunsa kuti munthuyo akuoneka mphindi zingati, ndipo mtengo umatsika molingana.

Pa filimu ya a Mbalule njira imeneyi inali yovuta, chifukwa mayiyo ali pafupifupi m'chigawo chilichonse. Palibe mbali ina yaikulu yoti mupachikepo dzina.

Bongololo

Ntchito yonseyi, mphoto amalandira ndi osewera okha?

Nyerere7

Zinayamba kusintha. BAFTA inayamba kupereka mphoto ya osankha osewera mu 2020, ndipo a Oscar analengeza mu 2024 kuti nawonso aika gawo limeneli kuyambira ndi mafilimu a 2025. Kale konseko, wosankha osewera Lynn Stalmaster analandira Oscar yaulemu chabe mu 2016.

Kadzidzi

Ndipo ndikufuna ndidzaone mmene azidzaweruzira, popeza kunja palibe amene amadziwa kuti uyu anabweretsedwa ndi wosankha, uyu anakakamizidwa ndi eni ndalama. Pa filimu yanga ija dzina langa lili pamenepo ngati kuti bambo wa nsidze ndinamusankha ndine.

Mbalule

Abale, zinthu zasintha pang'ono. Mayi wosankha osewera uja wandiimbira masana ano. Wapepesa, akuti chilengezo chinatuluka iye asanauzidwe tsiku. Akuti dayirekitala akufuna ndichite mbali ya mchemwali wake wa mayi wa m'filimuyo, masiku atatu, zigawo zinayi. Poti woimbayo ndi wamng'ono, mbali ya mchemwali aisintha kukhala wamkulu. Mnyamata mmodzi mwa awiri aja amuchotsanso, akufuna wa zaka 15.

Mtima wanga ukukana. Ndikaime pambali n'kumaonera wina akuchita chigawo cha pa geti chija?

Tsabola

Kanani. Akufuna mukamuphunzitse kusewera kwaulere.

Chitsulo

Vomerani. Filimu imeneyi idzaonedwa ndi anthu ambiri chifukwa cha woimba yemweyo, ndipo zigawo zinayi pafupi ndi munthu amene akuphunzira kumene ndi malo abwino oonekera.

Kadzidzi

A Tsabola nthawi ino sanaphonye kwenikweni. Timachitadi zimenezo, kuzungulira wosazolowera ndi anthu olimba kuti amunyamule, ndipo mwina n'chifukwa chake akufunani. Si chamanyazi, koma mudziwe chimene mukugulitsa. Musanayankhe, pemphani masamba atsopano a zigawo zinayizo, osati akale, chifukwa akulembanso. Muone ngati mchemwaliyo ali ndi chimene akufuna iye mwini, kapena amangofunsa mafunso kuti mnzake ayankhe. Mbali yongofunsa mafunso ndi imene imayamba kudulidwa filimu ikatalika. Mufunsenso ngati masiku atatuwo ndi otsatizana, chifukwa akhoza kukumangani mwezi wonse pa malipiro a masiku atatu.

GogoWaSiteji

Ine ndikanavomera ndili wamng'ono, ndikanakana lero. Sindikudziwa kuti wanzeru ndi uti pa awiriwa.

Mbalule

Ndatumiza uthenga wopempha masambawo. Akuti wolemba sanamalize, afika Lachinayi. Tsitsi ndimete kapena ndidikirebe?

Kadzidzi

Dikirani mpaka Lachinayi.